Andiyankha kuti kalata yanga yafika, koma masiku adutsa kuli zii

Nangozo: Odi kuno abale. Ndithandizeni maganizo. Pa 15 Epulo ndinatumiza kalata yofunsira ntchito ya ukalaliki wa zachuma kubungwe lina ku Lilongwe. Ndinatumiza pa imelo cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo pasanathe mphindi ziwiri yankho linabwera. Linalembedwa m'Chingerezi, koma likunena izi: talandira kalata yanu, nambala yanu ndi `FA-0425-212`, amene asankhidwa kuti adzafunsidwe mafunso tidzawadziwitsa pasanathe masiku 15 ogwira ntchito kuchokera tsiku lotsekera, ndipo mukapanda kumva kanthu pakatha masabata 6 mudziwe kuti simunachite mwayi. Lero ndi Lachiwiri pa 6 Meyi, masiku 21 chitumizireni. Masiku 15 aja anakwana pa 30 Epulo. Kodi ndingotaya mtima? Ndinamaliza dipuloma ya zowerengera ndalama ya ICAM chaka chatha ndipo aka n'koyamba kuyankhidwa n'komwe, n'chifukwa chake zandikhudza chonchi.

Mnyamata wa ku Bangwe: Mafuno abwino achemwali! Akakuyankhani ndiye kuti akufunani. Ine makalata onse amene ndatumiza palibe ndi mmodzi yemwe anandiyankhapo. Yambani kusita zovala za ku intavyu.

aMbewe a ku Kawale: Ayi achimwene, werenganinso bwino. Sanawaitane. Angowauza kuti kalata yafika. Koma inunso mayi Nangozo mwawerenga molakwika. Mwayambira pa 15 Epulo, tsiku limene inu munatumiza, pomwe uthengawo ukuti kuchokera tsiku lotsekera. Ankatseka liti kulandira makalata?

Nangozo: Lachisanu pa 25 Epulo, 5 koloko madzulo.

aMbewe a ku Kawale: Ndiye nthawi ikadalipo. Masiku ogwira ntchito ndi Lolemba mpaka Lachisanu, asanu pa sabata. Masiku 15 ndi masabata atatu. Kuchokera pa 25 Epulo, masabata atatu akutha Lachisanu pa 16 Meyi. Dikirani mpaka pamenepo.

Nachisale: Ndagwira ntchito ku ofesi yolemba anthu ntchito zaka zingapo, ndipo mauthenga ngati amenewa ndimalemba ndine. aMbewe mwalondola njira, koma mwadumpha masiku awiri. Pa 1 Meyi linali tchuthi la anthu apantchito, ndipo pa 14 Meyi ndi tsiku la Kamuzu. Chaka chino cha 2025 onse awiri agwera mkati mwa sabata, loyamba Lachinayi, linalo Lachitatu, ndiye maofesi amakhala otseka ndipo sitiwawerenga.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tsiku lotsekeralo sitiliwerenga, timayambira Lolemba pa 28 Epulo. Pa 28, 29 ndi 30 ndi masiku atatu. Pa 1 Meyi tadumpha, pa 2 Meyi takwana masiku anayi. Sabata ino, kuyambira pa 5 mpaka pa 9, ikutifikitsa pa masiku 9. Pa 12 ndi pa 13 takwana 11. Pa 14 tadumphanso. Pa 15 ndi pa 16 takwana 13. Otsala awiri ndi Lolemba pa 19 ndi Lachiwiri pa 20 Meyi. Choncho tsiku lanu lenileni, mayi Nangozo, ndi 20 Meyi. Lero mwangodya masiku 6 okha pa 15 aja. Masabata 6 nawo, amenewo timawerenga pakalendala basi kuchokera pa 25 Epulo, akutha Lachisanu pa 6 Juni.

aMbewe a ku Kawale: Zoona, maholide ndinawaiwala. Zikomo mayi.

Nangozo: Mtima wakhalako pansi. Ine ndimayesa basi zatha. Koma mayi Nachisale, ndifunse. Popeza anandiyankha msangamsanga chonchija, si ndiye kuti wina anaiona kalata yanga n'kuikonda?

Nachisale: Ndikuuzeni zoona kuti musadzipweteke nazo mtima. Yankho lobwera mphindi ziwiri, 10 koloko usiku, silinalembedwe ndi munthu amene anali maso nthawi imeneyo. Timalilemba kamodzi tisanalengeze ntchitoyo, n'kulitchera pa imelo kapena pa makina olandirira makalata, ndipo aliyense wotumiza amalandira lomwelo, mawu ake osasintha. Wa digiri amalandira lomwelo, amene watumiza kalata yopanda kanthu mkati amalandiranso lomwelo.

Lili ngati lisiti la kusitolo. Likuchitira umboni kuti imelo yanu inafika ku adiresi yoyenera, tsiku lakuti, nthawi yakuti, tsiku lotsekera lisanakwane. Chimenecho n'chinthu chenicheni, musachipeputse, chifukwa ambiri amalakwitsa chilembo chimodzi pa adiresi, kalata osafika, iwo n'kumadikira miyezi. Koma silikunena kuti munthu waitsegula, silikunena kuti mapepala onse alimo, ndipo silikunena kuti muli ndi mwayi woposa anzanu. Maofesi ambiri sayamba n'komwe kutsegula makalata mpaka tsiku lotsekera litadutsa, pofuna kuti onse awaone nthawi imodzi ndi muyeso umodzi.

Mnyamata wa ku Bangwe: Pepani achemwali, ndinafulumira. Komabe bola inu muli ndi kalisitiko.

Bambo a Mapasa: Ine diso langa lili pa nambala ija. `212` kumapetoko ndiye kuti inu munali munthu wa 212 kutumiza, pa 15 Epulo pomwe, kutatsala masiku khumi. Pofika tsiku lotsekera anali atadutsa 500 amenewo. Pamalo amodzi. Masiku 15 sangakwanitse, muona.

Nachisale: Mwina, mwinanso ayi. Malo ena nambala imayenda motsatana pa ntchito imodzi, ndiye mungakhale mukulondola bambo. Malo ena imayenda pa ntchito zonse zimene alengeza chaka chimenecho, dalaivala, mlonda, kalaliki, onse mzere umodzi. Sitingadziwe kuchokera kunja. Ntchito ya nambalayo kwa mayi Nangozo ndi imodzi: akadzalemba kufunsa, aiike pamutu pa imelo kuti wofufuza apeze kalata yawo msanga, asachite kusakasaka dzina pakati pa anthu ofanana mayina.

Koma zoti masiku angathe kupitirira, pamenepo mwanena zoona. Ndifotokoze zimene zimachitika akatseka. Poyamba munthu mmodzi kapena awiri amatsegula kalata iliyonse n'kuona zofunika zimene zinalembedwa pachilengezo: MSCE ilipo, dipuloma ilipo, zaka zimene anapempha kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zakwana, anthu okuchitira umboni alembedwa. Wopereweza chimodzi amatsala pomwepo. Gawo limeneli lokha limatha sabata makalata akachuluka. Kenako otsalawo amapita ku kagulu ka anthu atatu kapena anayi, mmodzi wa ku ofesi yathu, mkulu wa dipatimenti imene ikufuna munthuyo, ndi wina wapadera. Aliyense amapereka malikisi, n'kukhala pansi kugwirizana mayina asanu kapena asanu ndi limodzi. Mndandandawo umakasainidwa ndi bwana wamkulu, ndiye timayamba kuimba mafoni.

Pochedwa penipeni si powerenga makalata ayi, koma kusonkhanitsa anthu atatu aja tsiku limodzi. Wina ali kumudzi ku ntchito za bungwe, wina wapita kumaliro. Ndipo popeza iyi ndi ntchito ya zachuma, kumbukirani kuti mkulu wa zachuma sapezeka kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi, amakhala akutseka mabuku ndi kukonza malipiro. Kulandira makalata atseka pa 25 Epulo, ndiye sabata yotsatirayo yonse ndikukayika ngati anakhala pansi. N'chifukwa chake muuthengawo muli masiku awiri. Pa 20 Meyi ndi pamene akufuna atamaliza. Pa 6 Juni ndi pamene akukumasulani kuti musadikirenso.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Ine zandikumbutsa zimene zinamuchitikira mphwanga chaka chatha. Analandira uthenga pa WhatsApp woti talandira kalata yanu, mwasankhidwa, intavyu ili Lachisanu, tumizani K25,000 ya kuchipatala ndi yunifolomu lero lisanathe kuti malo anu asaperekedwe kwa wina. Iye anali atatumizadi makalata malo angapo, ndiye anangoti ndi amodzi mwa amenewo. Tinasonkha pakhomo, ine ndinaponyapo K10,000. Atatumiza pa foni, nambala ija inazima mpaka lero. Mayi Nangozo, onetsetsani kuti awa si omwewo. Mawa akhoza kubwera ndi nkhani ya ndalama.

Nangozo: Pepani kwambiri aphunzitsi. Kwa ine sanatchule ndalama. Chilengezo ndinachiona m'nyuzipepala ya The Nation, ndipo yankho linachokera ku adiresi yoyamba ndi `noreply@` kenako dzina la bungwelo.

Nachisale: Zikumveka bwino zimenezo. Aphunzitsi, pepani ndithu, zimawawa chifukwa amabera munthu amene alibe kale. Poyerekeza mauthenga awiriwa kusiyana kukuoneka. Wa mayi Nangozo ukutchula ntchito imene anafunsira, wabwera ngati yankho pa kalata imene anatumiza okha, ukupereka masiku, ndipo sukuwapempha kuchita chilichonse. Wa mphwanu sunatchule ngakhale ntchito yake, unalumpha kuchoka pa talandira kufika pa mwasankhidwa m'chiganizo chimodzi, unamuthamangitsa kuti lero lomwe, ndipo unapempha ndalama. Uthenga wongodziwitsa kuti kalata yafika sukhala ndi changu, chifukwa kwa inu ntchito yatha, yatsala kwa ife. Ndipo zopimidwa kuchipatala, kumene zimafunika, zimabwera munthu atapambana kale intavyu, osati asanaonane ndi aliyense.

aMbewe a ku Kawale: Njira yachidule ndi iyi: ikachokera pa Gmail ndi akuba, basi.

Mayi a Golosale: Apo ndiye ayi aMbewe. Ine ndili ndi mashopu awiri ku Zomba, ndimalemba anthu ntchito, ndipo ndimagwiritsa Gmail ndi WhatsApp. Sindinabere munthu. Ife amabizinesi ang'onoang'ono adiresi ya dzina la kampani tiipeza kuti?

Nachisale: Mayi akunena zoona. Chokayikitsa ndi pamene uthenga ukudzitcha banki kapena bungwe lalikulu koma ukuchokera pa Gmail. Shopu ya ku Zomba kugwiritsa Gmail palibe chachilendo. Komanso akuba ena amatha kupanga adiresi yofanana ndi yeniyeni, kungosintha chilembo chimodzi. Choncho adiresi yokha sikwanira, yerekezani ndi imene inali pachilengezo, chilembo ndi chilembo.

Nangozo: Ndiye ndiyankhe uthengawo kuti zikomo ndalandira? Ndimaona ngati kukhala chete n'kupanda ulemu.

Nachisale: Pa `noreply@` musavutike, palibe amene amawerenga kumeneko, nthawi zina imelo yanu imangobwerera. Palibe angakuoneni ngati wamwano. Akadakhala kuti walemba ndi munthu, ndi dzina lake pansi, mzere umodzi wothokoza ukadakhala bwino. M'malo mwake chitani izi usiku uno. Tsegulani `Sent`, pezani imelo imene munatumiza, mutsegule chilichonse chimene munamatapo ngati kuti ndinu wolandira. Onani ngati sivi ikutseguka, ngati masatifiketi akuwerengeka, ndiponso nambala ya foni imene munalemba. Kenako muziyang'ana mu `Spam` masiku awiri alionse, chifukwa kalata yoitanira ku intavyu kawirikawiri imachokera ku adiresi ina, ya munthu, ndipo imatha kugwera kumeneko.

Nangozo: Mayo ine. Ndatsegula. Mapepala onse alimo, koma sivi ndi yakale ija, ili ndi nambala yanga ya TNM. Simu imeneyo ndinawasiyira amayi kumudzi ku Dedza mwezi wa Febuluwale, ine ndikugwiritsa ya Airtel. Amayi foni yawo imakhala yozima masiku ambiri, amakatchajitsa kumsika. Pakalata yofunsirayo sindinalembe nambala ina iliyonse.

Bambo a Mapasa: Lembani imelo ina msanga, mutumize sivi yatsopano.

Nachisale: Sivi yatsopano ayi bambo. Tsiku lotsekera linadutsa, ndipo mapepala obwera mochedwa ambiri sitiwalandira, chifukwa zimaoneka ngati munthu akuwonjezera zinthu anzake atatsekeredwa. Akadazindikira pa 20 Epulo ndikadati atumizenso zonse pamodzi n'kulemba kuti iyi ilowe m'malo mwa yoyamba ija. Pano njira ndi ziwiri, ndipo achite zonse.

Yoyamba, simuyo ibwerere m'manja mwanu sabata ino. Imeneyi ndiye yodalirika. Ndikuuzeni mmene timaimbira: nthawi ya ntchito, kawiri kapena katatu, mwina lero ndi mawa. Ena timatumizanso imelo, ena satumiza. Foni ikapanda kupezeka timapita pa dzina lotsatira, chifukwa nthawi zonse timasunga mayina awiri kapena atatu apambali. Ndaonapo anthu abwino akutaya intavyu chifukwa cha foni yozima, ndipo zimandipweteka mpaka pano. Muziyankhanso nambala zachilendo, kuphatikizapo za muofesi zoyamba ndi 01.

Yachiwiri, lembani imelo yaifupi ku adiresi imene inali pachilengezo, osati ya `noreply@` ija. Pamutu ikani `FA-0425-212` ndi dzina la ntchito. Mkati mizere iwiri yokha: ndinafunsira ntchito yakuti pa 15 Epulo, nambala yanga ya foni yasintha, yatsopano ndi iyi, yakale ikugwirabe. Osamatapo chilichonse, osafunsa kuti zili pati. Kusintha nambala si kuwonjezera pa zokuyenerezani, ndiye palibe angadandaule. Kungoti sindingalonjeze kuti aiona, chifukwa mabokosi ena a imelo sawatsegulanso akatseka.

Nangozo: Ndawaimbira achimwene anga amene ali pafupi ndi amayi. Akuti apatsira kondakitala wa minibasi Lachinayi m'mawa, ndikailandirire kudepoti. Pakadali pano awauza amayi kuti foni ikhale yoyaka. Imelo ndilemba mawa.

Mayi a Golosale: Popeza tili pomwepa, mayi Nachisale ndithandizeni inenso mbali inayo. Mwezi watha ndinafuna wogulitsa mmodzi, anabwera makalata oposa 40, ena pamanja ena pa WhatsApp. Sindinayankhe aliyense, ndiye anthu ankangobwera pashopu tsiku ndi tsiku kudzafunsa, ena ochokera kutali, kuwononga ndalama ya thiransipoti. Zinandimvetsa chisoni. Ndikadzafunanso munthu ndiziwalembera chiyani?

Nachisale: Zinthu zinayi zikwanira: ntchito yake, tsiku limene mwalandira, tsiku limene adzamve, ndi njira imene adzamvere. Mwachitsanzo: "Zikomo, talandira kalata yanu yofunsira ntchito yogulitsa mushopu lero pa 2 Juni. Tisiya kulandira makalata pa 13 Juni. Amene tawasankha kuti tidzacheze nawo tidzawaimbira foni pa nambala yomwe alemba pofika Lachisanu pa 20 Juni. Mukapanda kumva pofika tsiku limenelo ndiye kuti ulendo uno sizinatheke. Simukuyenera kulipira ndalama iliyonse kapena kubwera kushopu."

Taonani kuti ndalemba tsiku lenileni, osati masiku akutiakuti ogwira ntchito. Mwaona nokha pano anthu atatu tinapeza masiku atatu osiyana pa uthenga umodzi, 30 Epulo, 16 Meyi ndi 20 Meyi. Ndipo musalembe mawu ngati posachedwapa kapena nthawi ikakwana, amenewo ndi amene amabweretsa anthu pakhomo. Tsikulo muliike patali pang'ono kuposa mmene mukuganizira. Mukaona kuti mumaliza pa 17, lembani 20. Obweretsa pamanja muziwauza zomwezo pakamwa, kapena kakalata kakang'ono.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Ine mzere wa mukapanda kumva ndiye kuti sizinatheke umandinyansa. Munthu wafotokopetsa mapepala, wadinditsa, wagula bandulo, ndiye inu simungathe kumulembera mawu awiri oti pepani? Ngati makina akutha kuyankha anthu 500 kuti talandira, akulephera bwanji kuwauza kuti sizinatheke?

Nachisale: Funso lanu ndi lolondola ndipo sinditeteza zonse. Kumene kuli makina olandirira makalata, kutumiza uthenga wopepesa kwa onse n'kosavuta, ndipo ena amatumizadi. Kumene makalata amangofikira pa imelo wamba kapena mubokosi la pageti, pamafunika munthu wokopera maadiresi mazanamazana. Palinso china. Sitifuna kuuza anthu kuti sizinatheke wopambanayo asanasaine, chifukwa akakana timabwerera ku mndandanda. Pofika posaina papita miyezi iwiri, ndipo pamenepo zoona zake n'zakuti timangoiwala. Amene anafika pa intavyu okha ndiye ndimaonetsetsa kuti ndawauza.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Kuiwalako ndiye vuto. Amene anagwa pa sefa yoyamba, opanda dipuloma aja, simudzabwereranso kwa iwo. Amenewo mukhoza kuwauza sabata yoyamba yomweyo.

Mayi a Golosale: Anthu 40 ine ndikhoza kuwalembera onse pa WhatsApp madzulo amodzi. Ndiyesa, ndione ngati ndingakwanitse.

Bambo a Mapasa: Kubwerera kwa mayi Nangozo. Ine ndikuti pa 21 Meyi m'mawa mupite konko mukaonekere. Ntchito imene ndili nayoyi ndinaipeza chifukwa ndinapita kukafunsa, bwana anandiona n'kundikumbukira.

Nachisale: Pakampani yaing'ono pomwe mwini wake ndi amene amasankha, zimatheka. Pabungwe lokhala ndi kagulu kosankha mukathera pageti kapena pa resepushoni, ndipo ena amalemba pachilengezo kuti wonyengerera aliyense adzachotsedwa pa mpikisano. Mayi Nangozo, onaninso chilengezocho ngati mawu amenewo alipo. Ine ndingati pa 20 Meyi pakadutsa, dikirani masiku awiri kapena atatu, ndiye mulembe imelo imodzi yaulemu yofunsa ngati kusankha kwatha, nambala ija pamutu. Imodzi yokha.

Bambo a Mapasa: Imelo sayankha amenewa. Nkhope ndi nkhope basi.

Nangozo: Ndayang'ana chilengezo, mawu oletsa kunyengerera alipodi pansi penipeni, ndiye kupitako ndikuopa. Ndalemba pakalendala masiku atatu: 20 Meyi, 23 Meyi lolemba imelo, ndi 6 Juni. Pali ntchito ina ku Blantyre yotseka pa 16 Meyi imene ndimazengereza kufunsira poganiza kuti ndidikire kaye iyi. Ndikukonza sivi usiku uno, nambala zonse ziwiri ndiikapo.

aMbewe a ku Kawale: Simu ikafika Lachinayi mutiuze. Muwafunsenso amayi ngati sanaimbiridwe kale ndi nambala yachilendo sabata yathayi.

Nangozo: Ndawafunsa kudzera kwa achimwene. Akuti Lolemba inaimba nambala ina kawiri ali kudimba, sanaiyankhe. Achimwene anditumizira nambalayo akafika kunyumba, ndiyesa kuimba mawa 8 koloko.